NDARAMA YA NZIMBE IGONE KUTI?



Chaka chiri chonse, kuyambira pamene fakitale ya shuga iyamba kugaya mu Epulo kufikira pamene itseka cha mu Novembala, funso limodzi silisowa pa misonkhano yathu. Mlimi wa nzimbe, mlimi wa mpunga ndi msodzi wa usipa onse afunsa chimodzimodzi: kodi ndarama ikabwera tiisunge kuti? Wina ati ku banki, wina ati pa foni, amai ati ku banki mkhonde, ndipo amene anapitako ku sukulu ati tiitsekere pa fikisidi. Ali yense atama chake nanyoza cha mnzake, msonkhano nkutha osamvana.

Ife tikuti funsolo lafunsidwa chagada. Musanafunse kuti ndarama igone kuti, yambani mwafunsa kuti ndarama imeneyi mudzaifuna tsiku liti. Pakuti ife a kuno sitilandira pa mwezi ngati akalaliki a m'maofesi. Ndarama yathu ibwera kamodzi, yochuluka, ndipo iyenera kutifikitsa ku njala ya Febuluwale, ku fizi ya ana ndi ku maliro amene sitiwadziwa tsiku lake. Malo amene ndarama ituluka msanga ndi omwewo amene itayika msanga. Malo amene itetezeka kwambiri ndi omwewo amene adzakukanizani tsiku limene mwana wadwala usiku. Palibe amene anakonza malo okhala ndi zabwino zonse ziwiri, ndipo munthu wokuuzani kuti anawapeza mumuyang'anitsitse.

Tiyambe ndi banki mkhonde, popeza ndi imene iri pafupi ndi mitima yathu, ndiponso ndi imene anthu aimvetsa molakwa koposa zonse. Njira imeneyi anaiyamba a bungwe la CARE ku dziko la Niger mu 1991, ndipo malamulo ake ndi olimba: anthu asapitirire 25 kapena 30, ali yense agule masheya kuyambira limodzi kufikira asanu pa msonkhano, bokosi likhale ndi maloko atatu ndipo makiyi ake asunge anthu atatu osiyana, munthu asakongole koposa katatu ka zimene wasunga, ndipo pakutha pa chaka agawane zonse. Ife sitinyoza banki mkhonde ai. Yafolera nyumba zambiri ndi malata kuchokera ku Ngala kufikira ku Liwaladzi, ndipo yapatsa amai mau pa nkhani ya ndarama m'nyumba zimene kale analibe mau. Koma tinene poyera: banki mkhonde si nkhokwe. Ndi malonda okongozana ndarama, ndipo ali yense woponya sheya walowa m'malondawo, afune asafune.

Taonani chitsanzo, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza kuti tiwerengere pamodzi. Gulu liri ndi anthu 20, sheya ndi K2,000, ndipo ali yense aponya masheya atatu pa sabata kwa masabata 40. Masheya onse akwana 2,400, ndiye kuti K4,800,000. Tinene kuti chiongoladzanja ndi zindapusa za chaka chonse zabweretsa K1,440,000. Pa tsiku logawana muli K6,240,000, ndipo sheya liri lonse la K2,000 lasanduka K2,600. Munthu wa masheya 120 anaponya K240,000, alandira K312,000. Palibe banki m'dziko muno imene ingampatse phindu lotere, ndipo nchifukwa chake amai aimba nthungululu mu Disembala.

Tsono kodi K1,440,000 ija yachokera kuti? Siinagwe ndi mvula. Yachokera m'matumba a anthu 20 omwewo. Mai amene anakongola K200,000 pa chiongoladzanja cha 20 pa 100 pa mwezi, naisunga miyezi itatu akulipira chiongoladzanja chokha, wapereka K120,000. Pa kugawana masheya ake 120 ampatsa phindu la K72,000. Wataya K48,000, koma apita kwao akuseka chifukwa wanyamula mtolo wa ndarama. Ngati K200,000 ija anagulira usipa nakagulitsa ku Kasungu kapena ku Lilongwe nkupindula koposa K120,000, zamuyendera. Ngati anagulira zitenje ndi ndiwo, wadyetsa anzake. Ndipo m'magulu ambiri mwalowa lamulo loipa lakuti ali yense ayenera kukongola, afune asafune, kuti ndarama isagone m'bokosi. Lamulo limenelo ndilo limene lathetsa mabanja ndi kulanditsa mbuzi, mipando ndi malata. Gulu lokakamiza ngongole mulituluke chaka chikatha, ngakhale wapampando wake ali mlamu wanu.

Pa za chitetezo, bvuto la banki mkhonde liri pawiri. Loyamba ndi wothawa ndi ngongole. Munthu wosunga K120,000 amene wakongola K360,000 nakwera basi ya ku Joni wasiya dzenje la K240,000, ndiye K100 pa sheya liri lonse la gulu lija. Akakhala atatu otere, theka la phindu la chaka lapita. Gulu lingapirire zimenezo ngati lasunga lamulo la katatu. Koma pamene akomiti akongozana okha mamiliyoni popanda wowafunsa, si phindu lokha limene lipita, mbeu yomwe ipita. Zizindikiro zake zioneka msanga kwa amene afuna kuona: ndarama siiwerengedwanso pamaso pa onse, buku lilembedwa kunyumba kwa mlembi, makiyi atatu apezeka m'thumba limodzi, munthu abweza ngongole yakale ndi ngongole yatsopano tsiku lomwelo, kapena anthu a kunja kwa gulu akongola kudzera m'dzina la membala. Bvuto lachiwiri ndi bokosi lenilenilo. Pakati pa chaka liri lopepuka chifukwa ndarama ziri m'manja mwa okongola. Koma masabata otsiriza, ngongole zonse zitabwezedwa, K6,000,000 igona m'nyumba ya mai mmodzi ya chitseko cha thabwa, ndipo mudzi wonse udziwa nyumbayo ndi tsiku logawana. Zikabedwa palibe boma, palibe Reserve Bank, palibe wina ali yense wobweza ngakhale tambala.

Nanga kutapa? Apa ndi pamene ambiri apunthwa. Ndarama yanu ya masheya simungaitenge pakati pa chaka. Mungathe kuikongola kokha, pa tsiku la msonkhano, ngati m'bokosi muli kanthu, ndipo mudzalipira chiongoladzanja pa ndarama yanu yomwe. Popeza tonse m'gulu tilima mbeu imodzi ndi kumva njala mwezi umodzi, tsiku limene inu mufuna ngongole ndi lomwelo limene anzanu 19 aifuna. Kathumba ka zadzidzidzi kathandiza pa maliro amodzi, koma sikangasenze mudzi wonse.

Zimenezi tinaziona ndi maso kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu zikwizikwi a m'dera la Mfumu Kanyenda nathawira m'misasa, mseu wa M5 nuduka. Madzi otere sasankha. Ndarama ya pansi pa mphasa, ya m'chitini ndi buku la gulu zonse ziri pa njira yake, ndipo okongola onse asauka usiku umodzi, kotero kuti palibe wobweza. Ndarama imene madzi sangaikhudze ndi yolembedwa m'mabuku a kutali, ya ku banki ndi ya pa foni. Koma mseu ukaduka banki iri kutali ngati ku Blantyre, ndipo pamenepo ya pa foni yokha ndi imene ingagule ufa, ngati foni iri ndi moto ndipo ejenti ali ndi ndarama.

Tsono tinene za foniyo. Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba mu 2013, ndipo palibe chinthu china chimene chafupikitsa ulendo wa ndarama ngati zimenezi. Akulu ena aopa kuti foni ikagwa m'nyanja ndarama yamira. Iai, ndarama siikhala m'foni. Kampani ilamulidwa ndi Reserve Bank kusunga ndarama zonse za anthu m'mabanki, pa akaunti yapadera yosasakaniza ndi ndarama zake za malonda, ndipo foni yanu ingosonyeza gawo lanu. Foni ikatayika mupita ku ofesi ya kampani ndi chitupa cha unzika, akupatsani simu ina ya nambala yomweyo, ndarama yanu nkuipeza iri chikhalire. Koma imvani bwino apa: izi zitheka ngati simuyo inalembetsedwa m'dzina lanu. Pamene boma linalamula kulembetsa manambala mu 2018, ambiri a ife tinatuma ana, adzukulu kapena mnyamata wa pa msika kuti alembetse ndi chitupa chake. Pamaso pa kampani ndarama imeneyo ndi ya mwini chitupa. Mlimi amene asunga ndarama pa nambala ya dzina la mwana wa mlongo wake wamanga nkhokwe pa munda wa eni.

Mdani wa ndarama ya pa foni sathyola chitseko. Alowa pa khutu. Uthenga uja wakuti ndarama ija mutumize pa nambala iyi tonse taulandira. Wina aimba nati ndi wa ku kampani, kapena wa Mtukula Pakhomo, kapena wa zipangizo zotsika mtengo, napempha nambala yanu yachinsinsi kuti akukonzereni. Wina atumiza uthenga wooneka ngati mwalandira ndarama, kenaka aimba akulira kuti walakwitsa, mumbwezere. Mankhwala ake ndi amodzi: musakhulupirire uthenga, funsani foni yokha. Imbani *211# ngati muli pa Airtel kapena *444# ngati muli pa TNM, muone nokha zimene zirimo. Wa kampani weniweni safunsa nambala yachinsinsi, ndipo ejenti woona akupatsani foni kuti mulembe nokha. Chaka chanu chobadwa si nambala yachinsinsi, popeza chalembedwa pa chitupa chimene mupereka kwa ali yense. Ndipo foni yanu ikangoti zii, netiweki osaoneka tsiku lonse pamene mafoni a anzanu a kampani yomweyo akugwira, musadikire mawa: mwina wina watulutsa simu ina pa nambala yanu, thamangani ku ofesi ndi chitupa. Ndarama yotumizidwa kwa wakuba ikatapidwa, kuipezanso nkobvuta. Madzi akatayika saoleka.

Pali mdani winanso amene sitikonda kumtchula, ndiye ife eni. Ndarama ya pa foni iri m'thumba usana ndi usiku. Iri nanu pa bawo, iri nanu ku mowa, iri nanu pamene mnyamata akuuzani za timu imene ipambana ndithu madzulo ano, iri nanu pamene msuweni wa ku Mzuzu aimba kuti zabvuta. Simunganene kuti ndikapita ku banki Lolemba, pakuti adziwa kuti nkhani yake ndi ya chala chimodzi. Onjezani apo kuti kutapa kuli konse kuli ndi mtengo wake, ndipo wotapa pang'onopang'ono kakhumi alipira koposa wotapa kamodzi. Phindu limene makampani agawa nthawi ndi nthawi kuchokera ku akaunti yapadera ija ndi la mchere chabe. Ndiponso ejenti si banki: apereka ndarama imene ali nayo m'kabati mwake tsiku limenelo, ndipo masiku a malipiro a ku esiteti, pamene ali yense afuna kutapa, mungayende maejenti anai osapeza wokupatsani K300,000. Nchifukwa chake ife tikuti foni ndi njira yopitira ndarama, si pogona pake. Pakhale ya masabata awiri ndi ya galimoto yopita ku chipatala, basi.

Za akaunti ya ku banki sitichulutsa, popeza alimi ambiri a nzimbe ali nayo kale chifukwa cha malipiro. Pa chitetezo palibe yoiposa mwa zinaizi. Mabanki ayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo kuyambira mu 2023 kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation limene libweza ndarama za osunga ngati banki yagwa. Pamene linayamba malire ake anali K3,000,000 kwa munthu mmodzi pa banki imodzi. Kwa ambiri a ife malire amenewo atiphimba ndi kutsala. Ngakhale banki igulitsidwe, monga Malawi Savings Bank imene boma linagulitsa kwa FDH mu 2015, akaunti za anthu zisamukira kwa wogulayo. Koma chitetezo chimenechi chiri ndi mtengo wake, ndipo wosauka ndiye aulipira kwambiri. Akaunti zambiri zidulidwa kanthu mwezi ndi mwezi, mugwiritse nchito musagwiritse, kotero kuti K20,000 yosiyidwa chaka chonse muipeza yaonda. Akaunti yosakhudzidwa nthawi yaitali aigoneka, ndipo kuidzutsa kufuna ulendo ndi chitupa. Munthu wa kutali amene alipira K6,000 ya kabaza ndi minibasi kupita ndi kubwera kuti akatape K30,000 wapereka gawo limodzi mwa magawo asanu kwa oyendetsa, osawerenga tsiku la ku munda limene lapita pa mzere. Funsani akaunti yosadula pa mwezi, pakuti mabanki ena ali nazo za anthu a kumudzi, koma sazilengeza kwa amene safunsa. Ndipo safunsa anadya phula.

Masiku ano akaunti ingalumikizidwe ndi foni, kuti mukoke ndarama ku banki muli kwanu. Nzabwino, ndipo zithetsa nkhani ya kabaza. Koma dziwani kuti mwaboola khomo lachiwiri pa nkhokwe yanu, ndipo mbala ya pa khutu ija ndi mowa uja tsopano zifika mpaka ku banki. Wolumikiza asankhe nambala yachinsinsi yosiyana ndi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo asasunge chuma chake chonse pa akaunti yolumikizayo.

Apa ndi pamene fikisidi ilowa. Fikisidi ndi pangano: mupatsa banki ndarama yakuti, kwa mwezi umodzi, miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo iwo akulonjezani chiongoladzanja chodziwika kale. Mukaifuna nthawi isanakwane muyenera kukapempha ku banki, ndipo chiongoladzanja chonse kapena gawo lake lalikulu mulitaya. Anthu ophunzira aitama chifukwa cha phindu. Ife tikuti phindu lake ndi laling'ono, ndipo tiwerengere kuti muone. Choyamba, nambala imene kalaliki atchula ndi ya pa chaka, si ya pa mwezi monga ku banki mkhonde. Ambiri abwerera kwao atakwiya chifukwa chosamva mau amenewa. Tiyerekeze kuti mwatsekera K600,000 kwa miyezi itatu pa 10 pa 100 pa chaka. Chaka chonse chikadabala K60,000. Miyezi itatu ndi gawo limodzi mwa anai, ndiye K15,000. Boma litengapo msonkho wa 20 pa 100, ndiye K3,000. Chanu ndi K12,000.

Tsono ikani K12,000 imeneyo pambali pa mitengo ya m'sitolo. Mu 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 pa chaka. Pa liwiro limenelo katundu wa K600,000 akwera ndi K40,000 kapena kuposa m'miyezi itatu. Ndarama yanu yakula ndi 12, katundu wathawa ndi 40. Ndipo nthawi zina sathawa pang'onopang'ono. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mlimi amene anatsekera ndarama ya fetereza mu Okutobala chaka chimenecho anaipeza yonse, palibe tambala yosowa, ndi chiongoladzanja chomwe. Koma matumba amene ikadagula mu Okutobala sinawakwanitsenso mu Januwale. Mbala imeneyi ilowa m'malo onse anai, ndipo Deposit Insurance Corporation siibweza zimene yatenga.

Kodi tsono fikisidi njachabe? Iai. Nchito yake yeniyeni si kubala koma kutseka. Ikutetezani kwa inu mwini ndi kwa abale, chifukwa mungayang'ane msuweni m'maso ndi kunena zoona kuti ndarama njotsekeredwa kufikira Disembala. Iyenera ndarama ya chinthu chimene mtengo wake walembedwa kale m'makwacha ndipo tsiku lake lidziwika, monga fizi ya temu imene sukulu yalengeza, kapena ngongole ya tsiku lodziwika. Siiyenera ndarama ya chinthu chimene mtengo wake uthamanga, monga fetereza, simenti, malata ndi chimanga. Ndarama ya zimenezo malo ake abwino ndi katunduyo mwini: gulani lero, muike pouma, chimanga muthire mankhwala a anankafumbwe.

Tiyeni tigawe ndarama ya mlimi mmodzi woyerekeza, amene atadulidwa zonse za kudula, kunyamula ndi zipangizo walandira K1,800,000 kumapeto kwa Sepitembala. Ali ndi munda wa chimanga ndi dimba la mpunga, ndi ana awiri ku sekondale yogonera komweko. Sabata yomweyo, asanamve nkhani za anthu, agule fetereza, mbeu ndi chimanga choonjezera cha K600,000. Imeneyo isagone pena pali ponse. K600,000 ya fizi ya Januwale aitsekere miyezi itatu, kuti ikhwime kumapeto kwa Disembala. Apa achenjere ndi zinthu ziwiri. Asatsekere miyezi isanu ndi umodzi chifukwa kalaliki wati phindu lake nlokwera, pakuti sukulu siidikira Malichi, ndipo adzathyola pangano nataya chiongoladzanja. Ndiponso alembetse pa pepala kuti tsiku likakwana ndarama igwere mu akaunti yake. Kukhala chete, mabanki ambiri aitsekeranso nthawi ina yofanana, ndipo pa 2 Januwale adzapeza chitseko chotseka. Atenge chikalata chosonyeza ndarama, chiongoladzanja ndi tsiku lokhwima, achisunge m'pulasitiki pamodzi ndi chitupa.

K300,000 ikhale pa akaunti wamba: imeneyo ndi ya aganyu opalira mu Januwale ndi ya matenda. K60,000 ipite pa foni, ndipo ikatha akoke ina kamodzi, osati tsiku ndi tsiku. Yotsala ndi K240,000, ndiyo masheya 120 a amai a kunyumba a chaka chamawa. Gulu latsopano siliyamba kufikira chaka chitatha, kotero nayonso ingagone pa fikisidi miyezi itatu yomweyo, koma pa chikalata chakechake, kuti tsoka likagwa athyole chaching'ono nasiye cha fizi. Mwaona kuti m'gulu mwalowa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu a ndarama yonse. Ndi dala. Ku banki mkhonde muponye ndarama imene, itatayika, mudzalira koma ana sadzachotsedwa sukulu.

Alipo amene adzati: inu mukunena za mamiliyoni, nanga ife a ganyu ndi a matemba, amene K10,000 ndi ndarama? Mwanena zoona, ndipo kwa inu kuwerengera kutembenuka. Akaunti yodula pa mwezi ikudyerani, fikisidi ifuna poyambira pamene simungafike, kotero kuti gulu labwino ndi foni ya dzina lanu ndizo zanu. Koma pamenepo mpamene kusankha gulu kukula, popeza mulibe pena pothawira. Sankhani la anthu odziwana, lowerenga ndarama mokweza mau pa msonkhano uli wonse, losakakamiza ngongole, ndipo la chiongoladzanja cha 10 pa 100 liposa la 20 ngakhale kugawana kwake kuchepa, chifukwa ochepa ndiwo agwa.

Chinthu chimodzi chikhudza malo onse anai, ndicho imfa. Bambo wobisa akaunti kwa mkazi wake, wobisa nambala ndi chikalata, wasungira banki, osati ana ake. Mwini akamwalira banki siipereka ndarama kwa wobwera ndi misozi. Ifuna chikalata cha imfa ndi makalata a kwa a Disii kapena a ku khoti monga mwa lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo ulendo wa ku boma ku Nkhotakota si umodzi. Ndiponso wotapa pa foni ya womwalira mwakachetechete aputa mlandu ndi abale. Simuyenera kuulula nambala yachinsinsi, koma lembani pa pepala dzina la banki, nambala ya akaunti, fikisidi ndi gulu limene muli, mupatse mkazi kapena mwamuna wanu ndi munthu mmodzi wa ku banja. M'gulu, dzina la wolandira masheya anu lilembedwe m'buku tsiku loyamba, pamaso pa onse.

Kwa magulu amene ali m'nthambi zathu pempho lathu ndi ili, ndipo alembi alitengere ku misonkhano isanafike Okutobala. Gulu liri lonse limene ndarama zake zipitirira K1,000,000 litsegule akaunti ya gulu ku banki, ya osayina atatu, yakuti awiri asatape popanda wachitatu kudziwa, ndipo uthenga wa banki uzifika pa foni ya membala amene sali m'komiti. Lisasunge ndarama za gulu pa nambala ya foni ya msungichuma, pakuti pamenepo maloko atatu aja asanduka chala chimodzi, ndipo iye akamwalira kapena akakana, pamaso pa kampani ndaramazo nzake. Masabata asanu ndi limodzi otsiriza, ngongole zikamabwezedwa, ndarama zipite ku banki tsiku lomwelo la msonkhano, risiti liwerengedwe pa msonkhano wotsatira. Banki muiuze masiku atatu kapena anai tsiku logawana lisanafike kuti ikonze ndarama, mukatape m'mawa anthu atatu, mugawane masana omwewo. Ndipo amene ali ndi akaunti kapena foni ya dzina lake alandirire pomwepo m'malo moyenda ndi mtolo madzulo. Buku la gulu likhale pawiri, lina kunyumba ya ku mtunda kumene madzi a 2024 sanafike.